Batire ndi la 9 V, koma rezisita ikulandira zingati? Malamulo awiri a Kirchhoff pa mayeso

Pa mafunso a magetsi, fomula ya V = IR si imene imagwetsa ophunzira. Pafupifupi aliyense wa Fomu 3 ndi Fomu 4 amaidziwa, ena mpaka amaiimba ngati nyimbo. Chimene chimadya malikisi ndi kafunso kakang'ono kamene ambiri sadzifunsa: kodi V ameneyu ndi wa chiyani, nanga I ameneyu akudutsa pati?

Ndikamachonga mapepala a ophunzira anga, cholakwa chimene ndimakumana nacho kawirikawiri ndi ichi. Seketi ili ndi marezisita atatu. Munthu watenga voliteji ya batire, waigawa ndi rezisitansi ya rezisita imodzi yokha, ndipo walemba kuti ameneyo ndiye kalenti wodutsa mu rezisitayo. Fomula walemba bwino, masamu wachita bwino, koma yankho ndi lolakwa. Vuto ndi lakuti wasakaniza manambala a malo awiri osiyana.

Lamulo la Ohm limagwira ntchito pokhapokha V, I ndi R zonse zitatu zikhale za chinthu chimodzi. Ngati R ndi ya rezisita imodzi, V iyenera kukhala voliteji ya pa rezisita yomweyo, ndipo I akhale kalenti wodutsa momwemo. Nanga mudziwa bwanji gawo limene rezisita iliyonse ikulandira? Apa ndi pamene pamalowa malamulo awiri amene Gustav Kirchhoff wa ku Germany adawalemba mu 1845, akadali wophunzira pa yunivesite ya Königsberg. Lina limanena za kalenti, lina za voliteji. Tiwaona onse awiri pa seketi imodzi yokha, kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Jambulani seketi iyi

Tengani pepala ndi pensulo, musangowerenga ndi maso okha. Jambulani batire la 9 V. Kuchokera ku mbali ya + ya batire, waya apite ku rezisita ya 4 Ω, imene tiitche R1. Mukadutsa R1, ikani kadontho ndi kulembapo P. Pa P njira igawikane pawiri: nthambi ya pamwamba ikhale ndi R2 ya 6 Ω, nthambi ya pansi ikhale ndi R3 ya 3 Ω. Nthambi ziwirizi zikakumanenso pa kadontho kena, Q. Kuchoka pa Q, waya mmodzi abwerere ku mbali ya − ya batire.

Funso ndi ili: pezani kalenti wodutsa mu rezisita iliyonse, komanso voliteji ya pa rezisita iliyonse.

Madontho awiri aja musawaone ngati zokongoletsa. P ndi Q ndi mphambano, malo amene mawaya atatu kapena kuposera apo amakumana. Ine ndimauza ophunzira anga kuti asanakhudze nambala iliyonse ayambe apeza mphambano, chifukwa ndi zimene zimaonetsa kuti ndi marezisita ati ali mu siriizi ndipo ndi ati ali mu paralelo.

Marezisita ali mu siriizi ngati kalenti wotuluka mu ina alibe kwina kolowera koma mu inzakeyo, pakati pawo popanda mphambano. Ali mu paralelo ngati onse ayambira pa mphambano imodzi ndi kukathera pa mphambano ina imodzimodzi. Pa seketi yathuyi, R2 ndi R3 zonse zayambira pa P ndi kuthera pa Q, choncho zili mu paralelo. Nanga R1 ndi R2? Pa pepala zitha kuoneka ngati zili pa mzere umodzi, koma pakati pawo pali P. Sizili mu siriizi ayi. R1 ili mu siriizi ndi gulu lonse la R2 ndi R3 pamodzi, osati ndi imodzi mwa izo.

Lamulo loyamba: zolowa pa mphambano ndi zomwezo zotuluka

Lamulo la kalenti limati kalenti yense wolowa pa mphambano amafanana ndi kalenti yense wotuluka pa mphambanoyo.

Ganizirani ngalande ya sikimu ya mpunga imene yagawika pawiri. Ngati pa mphambano pakufika ndowa 15 za madzi pa mphindi iliyonse, nthambi ziwirizo pamodzi ziyenera kutenga ndowa 15. Ina itha kutenga 10, ina 5, koma kuphatikiza kwake sikungakhale 20 kapena 12. Mphambano simwa madzi, komanso sibereka madzi. Kalenti ndi kuchuluka kwa tchaji imene ikudutsa pamalo pa sekondi iliyonse, ndipo tchaji sitayika, sipangikanso yokha. Chifukwa cha lamuloli ndi chimenecho basi.

Pa seketi yathu, kalenti wodutsa mu R1 timutche I1, wa mu R2 akhale I2, wa mu R3 akhale I3. Pa P lamulo likuti:

I1 = I2 + I3

Pa Q awiriwo akumananso, ndipo kalenti wobwerera ku batire ndi wofanana ndendende ndi amene anachoka.

Apa pali ganizo lina lofunika kulichotsa m'mutu. Ambiri amaganiza kuti rezisita imadya kalenti, ati akalowa wambiri amatuluka wochepa. Si choncho. Mukaika amita kutsogolo kwa R1 ndi ina kumbuyo kwake, zonse ziwiri ziwerenga nambala imodzi. Rezisita imachepetsa kalenti wa njira yonse, monga mmene mlatho wopapatiza umachedwetsera galimoto zonse za pa msewuwo, koma galimoto zimene zakwera mlatho ndi zomwezo zimene zitsike. Chimene chimatsala mu rezisita ndi mphamvu, imene imasanduka kutentha. Nkhani ya mphamvuyo ndiye ya lamulo lachiwiri.

Lamulo lachiwiri: zimene mwakwera ndi zomwezo mutsike

Lamulo la voliteji limati mukayenda njira yozungulira mu seketi, kuchoka pamalo ena mpaka kubwerera pomwepo, voliteji imene batire lapereka imafanana ndi mavoliteji onse amene agwera pa marezisita a m'njira imeneyo mukawaphatikiza.

Voliteji muione ngati kutalika kwa phiri. Batire limakweza tchaji kuchoka pansi kufika pamwamba, pa seketi yathu masitepe 9. Rezisita iliyonse ndi chitsetse. Tchaji ikamabwerera ku batire iyenera kukhala itatsika masitepe onse 9, osaposera, osaperewera. Munthu amene wakwera phiri la Zomba kuchokera m'tauni, kaya atsika ndi msewu wa tala kaya adzera njira ya chidule ya m'nkhalango, akafika pamene anayambira ndiye kuti watsika mofanana ndi mmene anakwerera.

Mawu ofunika kwambiri apa ndi akuti "a m'njira imeneyo". Tchaji ikafika pa P imasankha nthambi imodzi, sidutsa mu R2 ndi mu R3 momwe. Choncho seketi yathu ili ndi maulendo awiri ochoka pa batire ndi kubwerera pa batire. Woyamba ukudzera pa R1 ndi R2, wachiwiri ukudzera pa R1 ndi R3:

9 = V1 + V2

9 = V1 + V3

Taonani mizere iwiriyo bwinobwino. Mbali ya kumanzere ndi yofanana, V1 ndi yomweyo. Ndiye kuti V2 ndi V3 ziyenera kufanana, palibe kuchitira mwina. Mfundo imene munaloweza ija, yakuti marezisita a mu paralelo amakhala ndi voliteji yofanana, yachokera pamenepa. Ndipo taonaninso kuti voliteji yofananayo si 9 V. Ndi zimene zatsala R1 itatengako gawo lake.

Tiwerengere limodzi

Njira yake ili ngati kupinda chitenje kenako n'kuchitambasulanso. Poyamba timapinda seketi mpaka itsale rezisita imodzi, tipeze kalenti wochoka mu batire. Kenako timaitambasula pang'onopang'ono, uku tikugawa voliteji ndi kalenti.

Tiyambe ndi gulu la paralelo, la pakati pa P ndi Q:

1/R = 1/6 + 1/3 = 1/6 + 2/6 = 3/6

Chimene tapeza apa ndi 1/R, osati R. Titembenuze: R = 6/3 = 2 Ω. Marezisita akakhala awiri okha pali njira ya chidule, kuchulukitsa pamwamba ndi kuphatikiza pansi: (6 × 3) ÷ (6 + 3) = 18 ÷ 9 = 2 Ω. Chidule chimenechi n'cha marezisita awiri basi, akakhala atatu bwererani ku fomula ya 1/R.

Tsopano jambulaninso seketi. Inde, jambulaninso, sizitenga ngakhale theka la mphindi. Pali batire la 9 V, R1 ya 4 Ω, ndi rezisita imodzi ya 2 Ω pakati pa P ndi Q. Mphambano zatha, ziwirizi zili mu siriizi, ndiye tingophatikiza: 4 + 2 = 6 Ω. Imeneyi ndi rezisitansi ya seketi yonse.

Apa ndi pokhapo pamene 9 V ili ndi chilolezo cholowa mu V = IR, chifukwa voliteji ya seketi yonse yakumana ndi rezisitansi ya seketi yonse:

I = 9 ÷ 6 = 1.5 A

Kalenti ameneyu akuchoka mu batire ndipo asanafike pa mphambano iliyonse akudutsa mu R1. Choncho I1 = 1.5 A. Pa R1 tikudziwa tsopano zinthu ziwiri za rezisita yomweyo, ndiye chachitatu sichivuta:

V1 = 1.5 × 4 = 6 V

Lamulo la voliteji litithandize. Batire lakweza 9 V, R1 yatsitsa 6 V, zatsala 3 V. Zimenezi ndiye za pakati pa P ndi Q, ndipo R2 ndi R3 iliyonse ikulandira 3 V yonseyo. Sizigawana kuti ina 1.5 V ina 1.5 V ayi, chifukwa zonse zatsika kuchoka pa P kufika pa Q, chitsetse chimodzi.

I2 = 3 ÷ 6 = 0.5 A

I3 = 3 ÷ 3 = 1 A

Pomaliza, lamulo la kalenti litichongere. Pa P palowa 1.5 A, patuluka 0.5 A ndi 1 A, zimene pamodzi ndi 1.5 A. Zagwirizana. Simufunikanso kudikira aphunzitsi kuti akuuzeni ngati mwakhoza, seketi yakuuzani yokha.

Taonaninso kuti rezisita yaing'ono, ya 3 Ω, yatenga kalenti wochuluka, kuwirikiza kawiri wa mu 6 Ω. Mu paralelo zimakhala choncho nthawi zonse, njira yosavuta imatenga ambiri. Koma njira yovutayo simanidwa, nayonso ili ndi 0.5 A yake.

Mayankho atatu olakwa ndi mmene mungawagwirire

Loyamba ndi lija ndayamba nalo, lopatsa rezisita iliyonse 9 V yonse. Wotero amapeza 9 ÷ 4 = 2.25 A mu R1, 9 ÷ 6 = 1.5 A mu R2, ndi 9 ÷ 3 = 3 A mu R3. Pitani nawo manambalawa pa P. Palowa 2.25 A, patuluka 4.5 A. Winayo wachokera kuti? Ayeseninso ndi lamulo la voliteji: 9 V pa R1 kuphatikiza 9 V pa R2 ndi 18 V, pamene batire ndi la 9 V. Malamulo onse awiri akukana. Rezisita imalandira voliteji yonse ya batire pokhapokha mbali zake zonse ziwiri zitalumikizidwa ku batire mwachindunji, popanda rezisita ina panjira.

Lachiwiri ndi kugawa kalenti pakati ndi pakati. Munthu wapeza bwino 1.5 A, wafika pa P, waona nthambi ziwiri, basi walemba 0.75 A uku ndi 0.75 A uko. Cholakwa ichi n'chochenjera, chifukwa lamulo la kalenti silichigwira: 0.75 + 0.75 ndi 1.5 ndithu. Chimagwidwa ndi lamulo la voliteji. Pa R2 pangakhale 0.75 × 6 = 4.5 V, pa R3 pangakhale 0.75 × 3 = 2.25 V. Mavoliteji awiri osiyana pakati pa madontho omwewo, P ndi Q, n'zosatheka. N'chifukwa chake ndimati muziyesa yankho ndi malamulo onse awiri, osati limodzi. Kalenti amagawika pakati ndi pakati pokhapokha marezisita a nthambizo akhale ofanana.

Lachitatu ndi kuiwala kutembenuza. Munthu wafika pa 1/R = 3/6, walemba 0.5 Ω, wapitirira. Mwina munamva kuti rezisitansi ya paralelo imakhala yochepa kuposa rezisita yaing'ono kwambiri pagululo. Zimenezo n'zoona, ndipo zimagwira munthu amene waphatikiza 6 + 3 n'kupeza 9 Ω. Koma 0.5 Ω nayonso ndi yochepa kuposa 3 Ω, ndiye imadutsa osagwidwa. Onjezerani malire ena a pansi: marezisita akakhala awiri, yankho silingatsike kuposa theka la rezisita yaing'onoyo. Pa seketi yathu liyenera kugwera pakati pa 1.5 Ω ndi 3 Ω. Yankho la 2 Ω lili mkati, la 0.5 Ω lili kunja.

Nanga R3 ikapsa?

Mafunso otere nthawi zambiri amakhala ndi mchira. Mwamaliza kuwerengera, kenako akufunsani kuti chingachitike n'chiyani kwa R2 ngati R3 itachotsedwa kapena kupsa. Ambiri amayankha mothamanga kuti palibe chisinthe, poti zili mu paralelo. Amakumbukira za m'nyumba, kuti babu la kuchipinda likapsa la pabalaza limayakabe chimodzimodzi. Za m'nyumbazo n'zoona, chifukwa mababu onse alumikizidwa mwachindunji ku 230 V. Koma seketi yathu ili ndi R1 panjira, ndipo imeneyo imasintha nkhani yonse.

R3 ikachoka, mphambano zatha, patsala 4 Ω ndi 6 Ω mu siriizi, zonse pamodzi 10 Ω. Kalenti wa batire ndi 9 ÷ 10 = 0.9 A. Watsika kuchoka pa 1.5 A, chifukwa njira imodzi yatsekeka. Poti kalenti wa mu R1 wachepa, voliteji yake nayo yachepa: 0.9 × 4 = 3.6 V. Zotsala ndi 9 − 3.6 = 5.4 V, ndipo zonsezo zagwera pa R2. Kale R2 inali ndi 3 V ndi 0.5 A, tsopano ili ndi 5.4 V ndi 0.9 A. Mwaonatu? Kalenti wa batire watsika, koma wa mu R2 wakwera. M'malo mwa marezisita mukanakhala mababu, babu la pa R1 likanazilala pamene la pa R2 likanawala kwambiri. Zotere simungazipeze poloweza, muyenera kuyenda ndi malamulo awiri aja sitepe ndi sitepe.

Mukapita nazo ku labu

Mukamanga seketi ngati iyi, kumbukirani kuti amita imalowa mu siriizi, mumadula waya n'kuiika pakati kuti kalenti adutsemo. Volitimita imakhala mu paralelo, imagwira mbali ziwiri za rezisita imene mukuyeza. Amita ili ndi rezisitansi yochepa kwambiri, choncho mukaigundanitsa ku mbali ziwiri za batire ngati volitimita, kalenti wambiri adutsamo ndipo mutha kupsereza fyuzi yake kapena amita yeniyeniyo.

Manambala a pa funsoli ndawasankha kuti masamu akhale osavuta, koma kabatire kakang'ono ka 9 V sikangapirire 1.5 A, katentha ndi kutha msanga. Ku labu gwiritsani ntchito marezisita a maomu mazana angapo. Onse atatu mukawachulukitsa ndi 100, mavoliteji akhalabe 6 V ndi 3 V, koma kalenti wa batire atsika kufika pa 0.015 A, amene ndi 15 mA.

Musadabwenso mita zikapanda kuonetsa manambala enieni a pa pepala. Batire lenileni lili ndi rezisitansi yake mkati, ndiye likamatulutsa kalenti, voliteji ya pa mbali zake imatsikako pang'ono. Rezisita ya mzere wagolide kumapeto imaloledwa kusiyana ndi nambala yake ndi 5 peresenti. Koma yesani izi: yezani voliteji ya pa batire seketi ili mkati mogwira ntchito, kenako muyeze V1 ndi V2. Muona kuti ziwirizo mukaziphatikiza zikufika pafupi kwambiri ndi ya pa batire ija, ngakhale itakhala 8.7 V m'malo mwa 9 V. Manambala asuntha, lamulo silinasunthe.

Yeserani ili

Seketi ndi yomangidwa ngati yathu ija, koma R1 ndi 2 Ω, R2 ndi 12 Ω, R3 ndi 4 Ω. Voliteji ya batire simunapatsidwe. Mwangouzidwa kuti amita ya mu nthambi ya R2 ikuwerenga 0.5 A. Pezani voliteji ya batire.

Apa simungayambe ndi kupinda seketi, chifukwa mulibe voliteji ya seketi yonse. Yambirani pa rezisita imene mukuidziwa zinthu ziwiri, imene ndi R2. Pezani voliteji yake, mudzifunse kuti ndi rezisita ina iti ili ndi voliteji yomweyo, kenako mupite pa P ndi lamulo la kalenti, mumalize ndi ulendo umodzi wozungulira. Ngati mwayenda bwino, mu R1 mupeza 2 A ndipo batire likhala la 10 V. Mukapeza 6 V, ndiye kuti mwaima pa voliteji ya pakati pa P ndi Q, R1 simunaiwerengere gawo lake.